Pa tchati ndikuwina, mu akaunti ndalama ikutsika: zikupita kuti?

Mphatso: Akuluakulu madzulo abwino. Ndili ndi nkhani ikundisowetsa tulo. Ndili ndi kanjira kanga kotireda yuro ndi dola, EURUSD, pa tchati ya M1, ya mphindi imodzi. TP, potengera phindu, mapipu 5, sitopu, podulira kuluza, mapipu 5. Ndisanayike ndalama ndinabwerera mmbuyo pa tchati n'kuwerenga malo 100 amene ndikanalowa, 60 anawina, 40 analuza. Ndiye kuti mapipu 100 a phindu. Ndinayika madola 500, loti 0.10, dola imodzi pa pipu. Lero ndakwanitsa matiredi 100 enieni. Owina 48, oluza 52, ndipo mu akaunti mwachoka madola 46. Malamulo anga sindinaswe ngakhale kamodzi, ndikulumbira. Kodi buloka akundibera kapena mutu wanga ndi umene sukukoka?

Yamikani: Akukubera aise. Onsewa ndi akathyali. Amaona pamene wayika sitopu n'kukaitola.

Madalitso: Ine ndikuona ngati ndi zodula zija poika ndalama. Ineyo ndinatumiza ndalama yokwana madola 100, inafika 93. Mwina zako zinadulidwanso pamenepo.

Mphatso: Ayi Mada, 500 inafika yonse, zodulazo ndinalipira padera. Ndikunena imene yatha ndikutireda.

aNkhoma: Mphatso, tandiuza zinthu ziwiri. Akaunti yako ndi ya komishoni kapena yopanda? Ndipo ukatsegula Market Watch n'kuonetsa danga la Spread, pa EURUSD pamalembedwa nambala yanji?

Mphatso: Yopanda komishoni ankolo, ndinasankha dala kuti ndisamalipire kanthu. Pamalembedwa 12 nthawi zambiri.

Madalitso: 12?? Ndiye TP ya mapipu 5 ingatheke bwanji, walowa kale ndi ngongole ya 12

Tiya: Si mapipu amenewo Mada. Mtengo uli ndi manambala asanu kutsogolo kwa dontho, monga 1.08512. Pipu ndi nambala yachinayi. 12 ameneyo ndi pipu imodzi ndi katsonga, 1.2.

Madalitso: Oho. Ndiye kanthu kochepa bwanji.

aNkhoma: Kochepa kwa munthu wofuna mapipu 80. Kwa Mphatso si kochepa. Ndinagwirapo ntchito zaka zingapo pa malo osinthira ndalama ku Blantyre, kuseri kwa galasi. Pakhoma pamakhala mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira. Munthu akagula madola 100 kwa ine n'kusintha maganizo ali pakhomo pomwepo, kubwerera kuti ndimubwezere makwacha ake, sindimubwezera onse. Dola sinasunthe, koma iye waluza kale. Ndi zomwezo pa MT5, pulogalamu imene timatiredera. Ukadina Buy umagula pa Ask, mtengo wapamwamba. Ukamatseka umagulitsa pa Bid, wapansi. Koma makandulo ukuwaona pa tchatiwo amajambulidwa ndi Bid yekha. Ndiye mmene unkawerenga malo 100 aja, unkayeza ngati ukugula ndi kugulitsa pa mtengo umodzi, chinthu chimene palibe amene angakugulitse.

Chikondi wa ku Joni: Madala pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Ine ndikawina, History imaonetsa mapipu 5 athunthu, madola 5. Palibe pamene pachotsedwa 1.2. Sipuledi imangokuyambitsa ndi zofiira, mtengo ukayenda zimafafanizika. Ine ndimati bola wawina, sipuledi ilibe ntchito.

Mphatso: Zoona, kwa inenso owina onse ndi madola 5 ndendende.

aNkhoma: Chikondi wanena zoona theka. Ndalama ikuoneka yathunthu chifukwa TP mumaiwerengera kuchokera pa mtengo umene mwalowera. Koma tiyeni tiike manambala. Tchati ikuonetsa 1.08500. Mphatso wadina Buy, walowa pa 1.08512. TP wayika 1.08562, sitopu 1.08462. Zonse ziwirizi zimagundidwa ndi Bid, amene adakali pa 1.08500. Tsono werengani. Kuti afike pa TP, mtengo uyenera kukwera mapipu 6.2. Kuti ugunde sitopu, ungotsika 3.8 basi. Iye mumtima akuti 5 ndi 5, koma mpira wake ukuseweredwa pa bwalo limene golo la mdani lili patali, lake lili pafupi. Sipuledi sinamudule m'thumba poonekera, yamudula pa kuchuluka kwa owina. Munthu wongolowa mwachisawawa pa 5 ndi 5 weniweni amawina pafupifupi theka. Pa 6.2 ndi 3.8 amawina 38 pa 100. Owina 12 apita chabe. Chotsani 12 pa 60 wa Mphatso, mupeza chiyani?

Tiya: 48 😂

Mphatso: Eeeh. Ankolo mwandiopsa.

aNkhoma: Usadabwe kwambiri, kuti zagwirizana ndendende ndi mwayi chabe, zikanatha kukhala 45 kapena 51. Koma dera lake ndi limenelo.

Chikondi wa ku Joni: Chabwino, nanga akasuntha TP ndi sitopu kuti zikhale pa malo a tchati, 1.08550 ndi 1.08450?

aNkhoma: Abwerera pa owina 60 aja, koma tsopano adzaiona m'thumba. Wowina aliyense ndi 3.8, woluza aliyense ndi 6.2. 60 kuchulukitsa ndi 3.8 ndi 228. 40 kuchulukitsa ndi 6.2 ndi 248. Waluza 20. Khomo lililonse ungatulukire, wokhometsa ali pomwepo. Kasamu kamene ndimagwiritsa ntchito ndisanakhudze njira iliyonse ndi aka, TP ndi SL, kutanthauza sitopu, poyeza pa tchati, ndipo mtengo apa ndi zimene umalipira polowa ndi potuluka:

```
(SL + mtengo) / (TP + SL)
(5 + 1.2) / (5 + 5) = 0.62
```

Mphatso amafunika kuwina 62 pa 100 pa tchati kuti angobweza ndalama yake, osapindula kanthu. Iye anali ndi 60.

Yamikani: Masamu abwino madala koma sakufotokoza zanga. Ine ndinali pa Sell, sitopu inagundidwa, koma kandulo sinafike n'komwe pamzere wanga. Chithunzi ndili nacho. Inatsala ndi pipu yathunthu. Ameneyo si wakuba?

Tiya: Sell imatsekedwa pa Ask achimwene, ndipo Ask saoneka pa kandulo. Pitani pa tchati, dinani F8, chongani Show Ask line ngati ndi MT4, pa MT5 ndi Show ask price line. Muona kamzere kena pamwamba pa mtengo. Kameneko ndi kamene kamagunda sitopu ya Sell. Inenso ndinatukwana anthu osalakwa mwezi wathunthu ndisanakadziwe.

Yamikani: Kamzereko ndikukadziwa asisi. Funso langa ndi lakuti n'chifukwa chiyani kamatalika nthawi imene ine ndili mkati.

Tiya: Kamatalika ngakhale musali mkati, kungoti simukhala mukuyang'ana.

Mphatso: Pali china chimene sindikumvetsa. Owina 48 ndi madola 240. Oluza 52 akanakhala 260. Kusiyana kwake 20. Koma ine ndaluza 46. Enawo 26 apita kuti?

Tiya: Tsegula History, uike kuti ionetse Deals. Tenga oluza khumi, uyerekeze mtengo unalemba pa S/L ndi mtengo umene anakutsekera.

Mphatso: Dikirani

Mphatso: Mayo. Woyamba sitopu 1.08462, anatseka 1.08459. Wachiwiri ndendende. Wachitatu wapitirira ndi 0.4. Pali wina wapitirira ndi 2.1! Onse 52 pamodzi ndi madola 286, osati 260.

aNkhoma: Ndiye silipeji yako ndi theka la pipu pa woluza aliyense. Sitopu si lonjezo la mtengo. Ndi belu chabe. Mtengo ukafika pamenepo, belu limalira, ndipo oda yako imapita kukagulitsa pa mtengo uliwonse umene ulipo nthawi imeneyo. Tsono ganiza, sitopu imagundidwa nthawi yanji? Nthawi imene mtengo ukuthamangira kokutsutsa. Ndiye pofika oda yako, kawirikawiri wapitirira kale. TP ndi yosiyana, imatseka pa mtengo wako kapena wabwinopo. Buloka woona mtima amakupatsa wabwinopo uja ukapezeka. Ngati pa owina 48 palibe ngakhale mmodzi amene anapitirira 5, pamene oluza akupitirira daily, limenelo ndi funso loyenera kumufunsa buloka wako.

Yamikani: Mwaona! Ndimanena ine.

aNkhoma: Ndati funso, sindinati chigamulo. TP imafikidwa nthawi zambiri mtengo ukukwawa, ndiye n'zotheka kuti panalibe chowonjezera. Pepani ndalemba chizungu pamwambapo, ndimati tsiku ndi tsiku.

Chikondi wa ku Joni: Silipeji ndi nkhani ya netiweki basi. Kumudziko intaneti ndi yofooka. Ine kuno ndili pa faiba, ndipo ndinalipira VPS, kompyuta yobwereka ya ku London, silipejiyo sindiiona n'komwe.

Tiya: Polowa ndi dzanja, eya. Ukadina batani pa foni, odayo iyende kuchoka ku Area 25 mpaka ku seva ya kunja, mtengo sukudikira. Mu Journal amalemba nthawi yake, done in kenako ms. Ine pa bandulo ya foni ndimaona 300 mpaka 400, mvula ikamagwa kuposa apo. Koma sitopu imakhala pa seva ya buloka, osati pa foni yako. Ngakhale magetsi azime, laputopu ife, sitopu igundidwabe. Ndiye madola 26 a Mphatso si a netiweki.

Chikondi wa ku Joni: Mmm. Koma ine sindiiona.

Tiya: Munayezapo?

Chikondi wa ku Joni: Kuyeza kwenikweni ayi 😅

Madalitso: VPS ndi yofanana ndi VPN? Ndili nayo ya ulere

Tiya: Ayi Mada, zosiyana. Ndikuuza kumbali.

Yamikani: Poti mukufuna manambala nayi yanga. Golide, XAUUSD, loti 0.10, tsiku la NFP, lotuluka chiwerengero cha ntchito za ku America, Lachisanu loyamba la mwezi. Ndinalowa Buy cha m'ma 14:25, sitopu madola 2 pansi pa mtengo, ndiye ndimadziwa kuti ndikaluza ndi madola 20. Itangokwana 14:30 foni inangoti phethi, ndaluza 55. Kenako golide uja anakwera kupita kumene ndinkafuna. Ndinazimitsa foni n'kupita kukagula chiwaya, ndinadya osamva kukoma.

aNkhoma: Pepa mphwanga. Koma pamenepo panalibe woti akugule pa mtengo wa sitopu yako. Masekondi angapo chiwerengero cha ntchito za ku America chisanatuluke, mabanki amachotsa maoda awo, msika umakhala ngati wa pa Lizulu usiku, mabenchi okhaokha. Mtengo sutsika masitepe, umadumpha. Unatsekeredwa madola 5.5 pansi m'malo mwa 2 chifukwa wogula woyamba anali pamenepo. Zazikulu zinachitika pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya ku Switzerland itasiya kugwira EURCHF pa 1.20. Anthu anali ndi masitopu pafupi pomwepo, anatsekeredwa kutali ndi mapipu mazanamazana, ena maakaunti anapitirira ziro n'kukhala ndi ngongole. Alpari ya ku UK inagwa sabata yomweyo. Ngati buloka mwiniwake anafa nazo, sanali iye wokonza.

Yamikani: Za 2015 ndavomera. Za ine ayi. Buloka wanga ndi amene amatenga mbali inayo ya tiredi yanga, ndikaluza amadya ndi iye. Mukufuna ndikhulupirire kuti alibe dyera?

aNkhoma: Dyera angakhale nalo, sindikukana. Alipo mabuloka amene amasunga matiredi a makasitomala m'nyumba osawatumiza kunja. Njira yodziwira ndi imodzi: tsegula demo kwa buloka wina, uike matchati awiri pambalimbali ndi mzere wa Ask, uone ngati kudumpha kuja kuli kwa onse. Kukakhala kwa wako yekha, kawiri katatu, samuka. Koma chithunzi chimodzi cha 14:30 pa NFP sichingamange munthu.

Mphatso: Tibwerere kwa ine pang'ono akuluakulu 🙏 Ndiye ndisamukire ku akaunti ya komishoni? Ndinkaithawa chifukwa amati madola 7 pa loti.

Chikondi wa ku Joni: Samuka lero lomwe. Sipuledi ziro.

Tiya: Ziro ya pa chikwangwani. Ine ndili pa akaunti yoteroyo, ndipo ndimalemba tiredi iliyonse mu kope. Masana EURUSD imakhala 0.1 kapena 0.2. Komishoni ndi madola 3.5 polowa, 3.5 potuluka, pa loti yathunthu. Loti yathunthu pipu ndi madola 10, ndiye 7 ameneyo ndi 0.7 ya pipu. Pa 0.10 wako ndi masenti 70. Ukaphatikiza ndi sipuledi, 0.9. Panopa ukulipira 1.2. Wapulumutsa 0.3 pa tiredi, madola 30 pa matiredi 100. Si zachabe, koma si ziro.

aNkhoma: Tiika mu kasamu kaja: 5.9 kugawa ndi 10, owina 59 pa 100. Iye ali ndi 60. Phindu mapipu 10 pa matiredi 100, silipeji isanadye. Oluza 40 ndi theka la pipu aliyense ndi 20. Wabwereranso pansi pa ziro. Akaunti ya komishoni ikuchepetsa kutuluka kwa magazi, chilonda chikadalipo.

Mphatso: Ndiye njira yangayi ndi yabodza?

aNkhoma: Mwina ikuona chinachake choona. Kuwina 60 pa 5 ndi 5 ndiye kuti tiredi iliyonse ikubala pipu imodzi. Vuto ndi lakuti kulowa ndi kutuluka kukudya pipu imodzi ndi kanthu. Uli ngati wa kabaza amene ulendo akulipiritsa ndalama yosakwana mafuta a ulendowo, akachulukitsa maulendo ndiye akuchulukitsa ngongole. Komanso 60 uja ndimamukayikira. Munthu ukamayang'ana tchati yakale maso amakukondera, kandulo imene inagunda zonse ziwiri, TP ndi sitopu, umaiwerengera kowina.

Mphatso: Imeneyo ndinachitadi kangapo, ndisaname.

Tiya: Mphatso, umatireda nthawi yanji?

Mphatso: Ndikaweruka. Kuyambira cha m'ma 7 madzulo, nthawi zina mpaka pakati pa usiku ana akagona.

Tiya: Ndinadziwa. Tagawa matiredi ako pawiri, a isanakwane 22:30 ndi a pambuyo pake. Samala, nthawi ya mu History ndi ya seva, mwina ili patsogolo ndi ola limodzi pa yathu. Chifukwa chake ndi ichi: 5 koloko madzulo ku New York tsiku la msika limatha, mabanki amatseka mabuku. Kuyambira Malichi mpaka Novembala kwathu kuno imakhala 23:00, kuyambira Novembala mpaka Malichi imakhala 12 koloko usiku. Nthawi imeneyo sipuledi imafufuma. Ine ndinakhalapo dala usiku wina ndi kapu ya tiyi kungoyang'ana, osatireda. 22:50 inali 0.4. 23:01 inafika 6. Inabwerera bwinobwino itadutsa 12. Sitopu ya mapipu 5 pamenepo imafa mtengo usanasunthe.

Mphatso: Ndipatseni mphindi khumi

Madalitso: Podikira, alipo akugulitsa madola pa gulu pano?

Admini: Mada, lamulo lachitatu. Za kugulitsana ndalama pano ayi.

Mphatso: Ndabwera. Pambuyo pa 22:30 matiredi 31, owina 9 okha, oluza 22, ndaluza mapipu 82. Isanakwane 22:30 matiredi 69, owina 39, oluza 30, phindu mapipu 36. Asisi Tiya Mulungu akudalitseni!! Ndiye ndingosiya za usikuzo basi, njira ili bwino!

Chikondi wa ku Joni: Wapeza. Onjezera loti tsopano ubweze 46 yako.

aNkhoma: Ayi ayi, Chikondi usamupereke mwana. Kusiya za usiku ndikuvomereza ndi manja awiri, chifukwa chifukwa chake tikuchidziwa, si zongopeka. Koma 36 ameneyo usamukhulupirire msanga. Pa matiredi 69, owina anayi okha atatembenuka kukhala oluza, 35 ndi 34, phindu lonse latha walowa kale pansi. Anayi ndi nkhani ya sabata imodzi yoipa. Ndiponso wadula mndandanda utaona kale zotsatira. Aliyense akachotsa masiku ake oipa amaoneka katswiri.

Tiya: Apo ndikugwirizana nawo. Ndipo 7 mpaka 10 madzulo si nthawi yabwino kwenikweni, London amakhala atatseka, makandulo ang'onoang'ono. Msika umakhala wodzaza kuyambira cha m'ma 2 mpaka 6 masana, London ndi New York onse ali mkati. Koma iwe uli ku ntchito.

Mphatso: Abwana anga akandiona ndi tchati pa foni ndiye TP yanga ndi kalata yochotsedwa ntchito.

aNkhoma: Ndiye ganizira zokweza tchati. Pa H1, ya ola limodzi, TP 40 sitopu 40, sipuledi yomweyo ya 1.2: 41.2 kugawa ndi 80, owina 51.5 pa 100. Yerekeza ndi 62. Mtengo wa pakhomo ndi womwewo, koma katundu wanyamula ndi wamkulu. Kungoti loti uitsitse, 0.10 pa sitopu ya 40 ndi madola 40 pa akaunti ya 500, wachulutsa. 0.01 kapena 0.02. Ndipo tiredi ikagona usiku pali Swap, chiwongoladzanja cha usiku, uiyang'ane mu Specification.

Chikondi wa ku Joni: Koma madala palibe umboni kuti njira ya M1 igwira pa H1. Mwina chimene akuonacho chimangokhala cha mphindi zochepa. Komanso H1 ndi tulo, tiredi ziwiri pa sabata.

aNkhoma: Apo wanena zoona zonse. Ayenera kuyeza mwatsopano, 60 uja sasamuka naye.

Chikondi wa ku Joni: Ine ndikanati akhale pa M1 koma azilowa ndi Buy Limit, oda yodikira kuti mtengo utsikire pamene waika, silipeji polowa palibe.

Tiya: Ndinayesa miyezi iwiri. Mtengo umapeza wabwino, eya. Koma matiredi amene amathawa osabwerera, amene ndi okoma aja, amakusiya pa siteji. Amene amabwerera kudzakutenga, ambiri amapitirira mpaka ku sitopu. Mu kope langa zinangofanana. Mwina kwa inu zingasiyane.

Mphatso: Nanga kuyeza kolondola ndichite bwanji, poti maso andinamiza?

Tiya: Ngati malamulo ako angalembedwe kukhala EA, kapulogalamu kotireda kokha, Strategy Tester ya MT5 ili ndi Every tick based on real ticks, imagwiritsa Bid ndi Ask zenizeni ndi kufufuma kwa usiku komwe, ndipo pa Delays umaika kuchedwa kwako. Ya MT4 imaika sipuledi imodzi pa mbiri yonse, ndiye ukayeza Loweruka pa Current imatenga yonenepa ya potseka msika. Ngati sungathe zimenezo, kope. Tiredi iliyonse lemba nthawi, sipuledi polowa, mtengo unafuna, mtengo unapatsidwa. Pa 0.01, osati demo. Demo kawirikawiri imakupatsa mtengo mwaulemu kwambiri.

Yamikani: Chifukwa demo alibe choti akubere 😏

aNkhoma: Kapena chifukwa oda ya demo sipita kukafuna wogula weniweni. Iwe ndi ine sitimaliza lero.

Mphatso: Ndapanga chonchi: akaunti ya komishoni, 0.01, kutseka laputopu 22:00, matiredi 100 ena ndi kope. Za H1 ndiyamba kuyang'ana Loweruka. Asisi Tiya mungandijambulire tsamba limodzi la kope lanulo ndione mizere yake?

Tiya: Mawa, panopa magetsi apita ndipo kope lili kuchipinda kwa mwana. Funsanso buloka wakoyo komishoni ya 0.01 amaiwerengera bwanji. Ikuyenera kukhala masenti 7, koma ena polowa ndi potuluka amakweza 3.5 kukhala 4, ndiye imakhala 8.

Yamikani: Ine demo yachiwiri ija ndatsegula. NFP ikubwerayi ndiika matchati awiri, ndijambula vidiyo. Madala mukonzeke.

aNkhoma: Ujambule ndi mzere wa Ask uli woyatsa, apo ayi sindiionera.